Zikhatho za Mwana Wanga

Mwana wanga atabwera kuchokera kunja, anawaseka agogo ake owerenga zikhatho.

"Agogo, mizere imeneyi ndi makwinya chabe. Ife a muofesi sitikhulupirira zimenezo."

"Bweretsani manjawo, abwana."

Agogowo anayamba ndi dzanja lamanzere, la chibadwa, kenaka lamanja, la zimene munthu wadzichitira. Analondola mzere wa mtima m'munsi mwa zala, wa mutu pakati, ndi wa moyo wozungulira chala chachikulu. Pomaliza anasisita khungu long'aluka chifukwa cha sopo.

"Mizere ili bwino. Koma cholembera cha kuofesi kwanuko chimachita thovu?"

Mnyamatayo anandiyang'ana, n'kuzyolika. Zaka zinayi zonse ankaopa kundiuza kuti amatsuka mbale.

Ndinamukokera mpando pafupi nane. "Ntchito ndi ntchito. Khala apa."