Kiyi Wachitatu

Gulu lawo la banki m'khonde linali la anthu khumi ndi asanu. Loweruka lililonse ankagula masheya, mlembi n'kudinda chidindo m'kabuku ka aliyense. Ndalama ankaziika m'bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi ankasunga anthu atatu, bokosi ankasunga wina. Lamulo linali lakuti bokosi litsegulidwe pamaso pa gulu basi.

Kiyi wachitatu anali ndi Mayi Tomato, wogulitsa pamsika. Ankamumanga pamfundo ya nsalu yake. Bokosi linkakhala kwa mchimwene wake wamkulu, kalipentala.

Lachitatu m'mawa, kalipentala uja anafika kwa mlongo wake, bokosi lili m'thumba, makiyi awiri ali m'manja. Eni ake makiyiwo anali atawapereka ngati akubwereketsa mchere.

"Mlongo wanga, tsegula," anatero. "Sindinalipire lendi ya shopu. Mwininyumba akuti mawa atseka, zida zanga zili momwemo. Ndibweza lisanafike Loweruka."

Mayi Tomato mtima unamupweteka. Makolo atamwalira, amene anamulera ndi mchimwene yemweyu. Koma m'bokosimo munalinso thukuta la anthu ena khumi ndi atatu.

"Achimwene, pepani. Sinditsegula."

"Iwe! Amene ndinakulera ine?"

"Munandilera ndinu, ndipo sindinaiwale. Koma m'bokosimu muli fizi ya ana a eni ake. Bwererani nalo. Mundidikire mpaka madzulo."

Kalipentala anachoka osatsanzika. Mayi Tomato anasiyira tomato mnzake wa pamsika, n'kuyamba wa kwa wapampando wa gulu. Kenako anayenda khomo ndi khomo kuitanira anzake a m'gulu ku msonkhano. Wometa anadandaula za makasitomala. Wosoka anati, "Kodi Loweruka lasamukira Lachitatu?" Iye sanagonje. Pofika madzulo mapazi anali atatupa, koma anthu onse anasonkhana pakhonde pa wapampando.

Wapampando anafunsa chimene anaitanirana. Mayi Tomato anangowerama, chifukwa sankafuna kuyalutsa mbale wake. Kalipentala anaimirira yekha.

"Abale anga, ndalakwa. Ndimafuna kutsegula bokosi mwamseri. Amene wandikaniza ndi mlongo wangayu."

Kenako gulu linakambirana. Kalipentala ndi awiri opereka makiyi aja anawalamula kulipira chindapusa. Bokosi anati lisamukire kwa wosoka. Kalipentala atapempha ngongole ya lendi, anamuvomera. Lamulo linkalola munthu kubwereka mpaka katatu ndalama zimene wasunga. Mlembi anawerenga zidindo m'kabuku kake, napeza kuti zikwanira lendi. Adzabweza m'miyezi itatu, ndi chiwongoladzanja.

Maloko awiri anatsegulidwa. Kalipentala ananyamula bokosi lija n'kuliika pamapazi pa mlongo wake.

"Tsegula tsopano, mlongo wanga. Anthu akuona."

Mayi Tomato anamasula mfundo ija, misozi ikulengeza m'maso.