Katswiri wa Dzuwa la ku Nsanje

Tsiku lachisanu kutentha kusakuleka, fulati ya Etta ku Edmonton inali ngati uvuni. Dzuwa likakwera ankatseka mawindo ndi makatani, n'kuwatsegula madzulo kunja kukazizira. Khanda lake ankalisiya ndi thewera lokha, n'kumaliyamwitsa pafupipafupi.

Koma m'nyumbamo munali katswiri wa dzuwa, a Felton, apongozi ake a Etta, omwe anabwera kudzacheza kuchokera ku Nsanje.

"Kadzuwa ka azungu aka n'kamene mukuopa?" anatero a Felton akukankha kapu ya madzi. "Ine ludzu sindikumva."

Anatsegula makatani masanasana, n'kukhala pawindo atavala jekete, poti munthu sakwera ndege kudzavala vesiti ku Ulaya.

Pofika 3 koloko katswiri uja anayamba kudzandira, thukuta lili kamukamu. Etta, yemwe ntchito yake n'kusamalira okalamba, anawagoneka kuchipinda chosawomba dzuwa, anawavula jekete, anawaika nsalu yonyowa m'khosi, n'kumawamwetsa madzi pang'onopang'ono mpaka chizungulire chinatha.

"Komatu ku Nsanje sindinagwepo," anadandaula a Felton.

"Ku Nsanje munali ndi mthunzi wa mango, bambo," anatero Etta. "Kuno mango ake ndi makatani munatsegula aja. Malizani kapuyo, mdzukulu wanu akukuonani."