Malemu Woweramira Msewu

Nkhani iyi ndinaimva kwa Silvesta, telala wa pa Namitambo, tsiku limene ndinakhala pa benchi yake nditafunda nsalu, iye akundisokera buluku lomwe linang'ambika potsika kabaza. Makina ake ali pa khonde la Ibrahim, mnyamata wachisilamu wojambula ndi kusindikiza zithunzi, ndipo chilichonse cholankhulidwa m'sitolomo chimayamba chadutsa m'khutu la telala.

Akuti Lachitatu lina kunabwera mayi Ellina, mkazi wamasiye wa malemu Chester Nakoma, amene anali ndi golosale kutsidya kwa msewu. Anabwera ndi mwana wawo Chancellor, mphunzitsi wa pulayimale cha ku Mbombwe. Loweruka linali tsiku lovundukula chiliza cha malemu, ndipo abale a kuchimuna anali atalamula kuti pakhale chithunzi chachikulu cha mbale wawo ataima kutsogolo kwa golosale yake. Vuto linali loti chithunzi chotere kunalibe. Chancellor anajambula msewu ndi golosaleyo pa foni, n'kutenga chithunzi chokhacho cha bambo ake, chimene mayi ake anamupatsa atachidulirira ndi sizasi, n'kuziphatikiza yekha. Ankangofuna kuti Ibrahim asindikize.

Ibrahim anachitsegula pa kompyuta.

"Aphunzitsi, malemuwa ankalowa bwanji m'golosalemu?"

"Pakhomo."

"Chifukwa apa mutu wawo wafanana ndi malata. Akatambasula mkono athyola mapapaya kuseri kwa nyumba."

"Ndinawakulitsa pang'ono kuti azioneka. Mwambowu ndi wawo."

"Akuoneka ndithu," anatero Ibrahim.

Atatero anayamba kulemba mizere pachithunzi cha msewu. Wina anautsatiza m'mphepete mwa madenga a masitolo, wina m'munsi mwa makonde, ndipo mizereyo inkayandikana mpaka kukakumana malo amodzi chakutali, kumene msewu umathera. Pamalo pamenepo anadutsitsa mzere wina wopingasa.

"Mzere uwu ndi msinkhu umene foni inali. Munajambula mutaimirira, foni ili pamaso, eti?"

"Eya."

"Ndiye taonani. Bambo wogulitsa nzimbe ali pafupiyu, mzere wamudutsa m'maso. Wakabaza waima kutali uko ngati nyerere, wamudutsanso m'maso. Pansi pakakhala posatsetsereka, aliyense wa msinkhu wanu maso ake amagwera pa mzerewu, kaya ali pafupi kaya ali kutali. Amene amasuntha ndi mapazi. Bambo anu mzere wawadutsa pa lamba. Anali aatali bwanji?"

"Ngati iyeyu," anatero mayi Ellina. "Jekete wavalayo ndi yawo."

Ibrahim anaika mapazi a malemu pa dothi, kutsogolo pang'ono kwa khonde, n'kuwachepetsa mpaka maso awo anagwera pa mzere. Tsopano pakhomo akanalowa osawerama. Chancellor anavomereza kuti msinkhu ndi umenewo, ngakhale mawu ake anali ngati a munthu amene amuchotsera nyama m'mbale.

Koma panatsala china. A Nakoma, atavala chipewa, dzanja lamanja lili m'mwamba, ankaoneka ngati akugwera mumsewu chafufumimba. Mutu waukulu, mapewa otambalala, miyendo ikunka nichepa mpaka ku timapazi.

Silvesta akuti anasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati malemu ankalawako.

"Anali dikoni!" anatero mayi Ellina.

"Pepani mayi, ndangofunsira alendo a Loweruka."

"Sanamwe," anatero Ibrahim. "Anajambulidwa kuchokera pamwamba. Taonani, tikuona pamwamba pa chipewa, pamwamba pa mapewa, pamwamba pa nsapato. Pomwe msewuwu tikuuona titaima pansi. Maso amodzi sangaone zonse ziwiri nthawi imodzi. Ndiye ubongo umangoganiza kuti munthuyu wawerama."

"Awongoleni," anatero Chancellor.

Ibrahim anayesa. Anakoka miyendo, napanikiza mapewa. Malemu anawongokako pang'ono, koma nkhope inasanduka ya munthu wina, wooneka ngati wa ku Phalombe.

"Abwezereni," anatero mayi Ellina msanga.

"Ndikhoza kukoka zimene zilipo, mayi. Koma chimene kamera sinaone, kompyuta ilibe. Njira yabwino ndi yosiya malemu mmene alili, n'kukajambulanso msewu kuchokera pamene anaima wojambula uja. Msinkhu womwewo, mtunda womwewo, ndipo dzuwa likhale mbali yomweyo. Anajambula ndani?"

"Munthu."

"Anakwera pachiyani? Pachulu? Pamakwerero?"

"Ndi kalekale, che Ibrahim."

"Nanga zimene munadula m'mbalimu zili kuti? Ndikaona za kumbuyo kwawo ndidziwa ndekha."

"Zinatayika."

Ibrahim sanakakamize. Anasindikiza kakang'ono koyesera n'kuwapatsa kuti akaganize.

Mawa lake mayi Ellina anabwera okha. Anati kachithunziko anakaimika pa tebulo, ndipo mlamu wawo wina amene anafika msanga ku mwambo anakayang'ana n'kunena kuti, "Achimwene anavutika ndi msana, eti? Inu simunatiuze." Kenako anamasula kansalu n'kuyala pa tebulo la Ibrahim zidutswa zinayi za chithunzi. Sizinatayike. Zinali m'Baibulo.

Ibrahim anazilumikiza. M'munsi mwa chithunzi munaoneka chitsulo cha m'mbali mwa lole, matumba a nandolo, mwendo wa kabati, ndi ngodya ya matiresi omangidwa ndi chingwe.

"Munkasamuka?"

"Ndinkawasiya."

Silvesta akuti apa makina ake anaima okha.

"Mwanayu anali ku sekondale yogonera konko," anatero mayi Ellina. "Tinamuuza kuti ndinapita kwathu ku Magomero kukadwazika mayi anga. Mpaka lero amadziwa zimenezo. Mutengepo muyezo wanuwo, musamuonetse."

"Munthu wokadwazika matenda satenga kabati," anavomereza Ibrahim. Anayang'anitsitsa zidutswazo. "Lole ndaiona, ndipo wojambula munali inu, muli pamwamba pa matumba. Koma zidutswazi n'zopyapyala, sipakuoneka khoma kapena denga loti ndilembepo mizere. Ndikhoza kungoyerekeza. Munakhala kapena munaimirira? Lole inali itayenda kale?"

"Ndikakwera ndikumbukira."

"Ndiye mukwera. Komanso pafunika munthu wa msinkhu wa malemu aime pomwe anaimapo, kuti ndidzawaike pamwamba pake ndendende. Apo ayi ndidzakhala ndikulota."

"Wa msinkhu wawo ndi mmodzi."

"Alipo ena pamsika pano."

Mayi Ellina anasalaza kansalu kaja pa bondo.

"Wogulitsa nzimbe asaime m'malo mwa amuna anga," anatero. "Ndimuitana Chancellor mwiniwake."

Lachisanu cha m'ma naini koloko, pamene dzuwa linali kumanzere monga linalili pankhope ya malemu, lole ya wogula mbewu wina inaima kutsogolo kwa golosale. Inali ndi chimanga, osati nandolo, koma Ibrahim anati thumba ndi thumba. Mayi Ellina anamanga chitenje, naponda pa tayala, anyamata awiri nawakoka. Anakhala pa matumba, nasamukira pena, kenako anagwada.

"Ndinagwada," anatero. "Ndinkagwira kabati ndi dzanja ili."

Chancellor anali ataima pansi mu jekete ija.

"Kabati yanji, amayi?"

"Ya magalasi ija. Sendera kuno. Ayi, wapitirira. Bambo ako sanafike pa ngalande. A dalaivala, tayendani pang'ono. Basi!"

"Munapita ndi kabati kokadwazika agogo?"

"Agogo ako sankadwala. Anali kumunda tsiku limenelo. Kweza dzanja."

Chancellor anakweza dzanja monga ankaonera pachithunzi chija, n'kumwetulira ngati wolonjera makasitomala.

"Osaseka. Sankapereka moni kwa munthu. Ankaimitsa lole."

Apa msika wonse unali utasiya malonda. Chancellor anasiya kumwetulira, dzanja lili chikwezere.

"Inaima?"

"Sinaime."

"Ndiye inu n'kuwajambula."

"Amalume anandiuza kuti ndibweretse umboni woti ndawasiya amoyo. Komanso zaka zonsezo ndinali ndisanawaonepo pamwamba pa mutu. Anaoneka ochepa. Ndinakhala nacho chithunzicho miyezi isanu ku Magomero, kenako ndinafuna lole ina yobwerera."

"Anakulakwirani chiyani?"

"Zimenezo sizikufunika pa chithunzi. Yang'ana kuno."

Ibrahim anali atakwera naye, atagwira kachithunzi ka malemu pambali pa foni, akufananiza kukula kwa mapewa ndi kwa mapazi. Anati atsitse foni pang'ono. Mayi Ellina anajambula katatu.

Kusitolo, Ibrahim analembanso mizere yake. Ulendo uno mzere wopingasa unadutsa pamwamba pa mitu ya anthu onse, cha m'malata a golosale, ndipo aliyense mumsewu ankaoneka pamwamba pa mapewa. Anaika malemu pamwamba pa Chancellor, nawachepetsa mpaka phazi linagwera pa phazi, phewa pa phewa. Anafufuta chigongono cha mwana chimene chinkasuzumira kuseri kwa bambo, koma mthunzi wake pa dothi anausiya, poti unali wa msinkhu woyenera ndipo unagwera mbali yoyenera.

A Nakoma anaima chilili kutsogolo kwa golosale yawo, mapazi ali pansi.

Mayi Ellina anayang'ana nthawi yaitali. "Ndi amenewa," anatero.

Chancellor anafunsa ngati dzanja lingatsitsidwe. Ibrahim anati lingatheke, koma likhala dzanja lopeka. Chancellor anati alisiye. Potuluka ananyamula yekha chithunzicho, n'kufunsa mayi ake ngati kabati ija ndi yomweyi ili pabalaza. Anati ndi yomweyo, galasi limodzi linasweka pobwerera. Loweruka abale a kuchimuna anachiyamikira, ndipo mlamu uja anati achimwene ake anali otero, wolonjera aliyense. Mayi ndi mwana sanamutsutse.

Chithunzicho ndinakachiona ndekha m'golosalemo, buluku litasokedwa. Chilipodi, ndipo munthuyo waima bwino. Za mizere ndinayesa pamsewu ndi maso angawa, n'zoona. Chimene sindikhulupirira n'chakuti Chancellor sankadziwa. Lole inanyamula kabati ndi matiresi pa Namitambo dzuwa likuswa mtengo, Silvesta yemweyu ali pa khonde, ndiye zaka khumi ndi zinayi n'kutha popanda womunong'oneza mwanayo? Ndinamufunsa Silvesta, iye anati sakamba za eni. Ine ndikuganiza kuti mphunzitsiyo ankadziwa kalekale.