Wamtali ndi Kafupi asinthana malo

Ophunzira ake ankamutcha Ndakonzeka, poti mawu amenewa sankachoka pakamwa pake. Anali mphunzitsi wongoyeserera, ndipo tsikulo kumbuyo kwa kalasi kunakhala mayi wina wochokera kukoleji, wodzamuyesa. Akalephera, chaka chonse abwereza.

Anakankhira madesiki kukhoma, najambula pansi ndi choko mizere iwiri yopingasana, ya x ndi ya y. Kenako anaimika ophunzira anayi pamakona a sikweya: Wamtali pa (1,0), Kafupi pa (0,1), mtsikana wina pa (1,1). Pa (0,0) anaikapo Tulo.

"Iwe susuntha zivute zitani. Ntchito yokuyenera."

Kalasi inaseka, iye mtima unakhala pansi. Anafotokoza kuti matirikisi, kabokosi ka manambala anayi, amawerengedwa chotsika: manambala awiri akumanzere ndi komwe apite Wamtali, awiri akumanja ndi komwe apite Kafupi. Mtsikanayo aphatikize ziwirizo.

Analemba 2 ndi 0 kumanzere, 0 ndi 2 kumanja. Wamtali anapita pa (2,0), Kafupi pa (0,2), mtsikana pa (2,2), mbali zonse zinatalika kawiri. Atabwerera, analemba 0 ndi 1, kenako −1 ndi 0. Wamtali anaima pa (0,1), Kafupi pa (−1,0), sikweya inazungulira madigiri 90 chakumanzere, Tulo ali phee ngati chitsa.

Apa Ndakonzeka matama anamukwera. Ophunzira atabwereranso m'malo awo, analemba 0 ndi 1, kenako 1 ndi 0. Dzulo lake anali atajambula zimenezi kunyumba, sikweya n'kutuluka pomwe inali. Zolemba zilembo pamakona anaziona ngati za ana.

"Uyu ndi matirikisi waulesi," anatero mokweza, akuyang'ana kwa mayi uja. "Sasintha kanthu. Yesani muone."

Wamtali anayang'ana pabolodi, nauyamba wa ku (0,1). Kafupi analunjika ku (1,0). Anagundana mapewa pakati.

"Sala, mwati sitisuntha," anatero Kafupi. "Nanga ine ndikutani kuno?"

Ndakonzeka thukuta linamutsika mumsana. Anachita mantha enieni, moti anayamba kuganiza za mmene akawauzire mayi ake kuti walephera. Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Tulo ndi mtsikana uja sanasunthe, awiriwa anasinthana.

"Ndanama," anatero. "Sikweya ili pomwepo, koma yatembenuka. Mzere wochoka kwa Tulo kufika kwa mnzathuyu, wa y = x, wakhala galasi. Musamangoona mawonekedwe, muzitsata makona."

Belu litalira, mayi uja anamuitana pakhonde.

"Msampha uja munautchera bwino, aphunzitsi. Ana aja saiwala. Mwakhoza."

Ndakonzeka anagwedeza mutu ngati munthu amene anazikonza kalekale.

Mayiwo anatsegula chikwama, namupatsa kampango.

"Pukutani kumaso. Wotchera msampha satuluka thukuta chonchi."