Diresi Lalifupi la Amayi a Stella

Ku Salisbury Lines, ku Mzuzu, anthu amanditcha katswiri wa mbiri yakale, ndipo sindinawakanizepo. Ndimaphunzitsa mbiri ku sekondale, ndimavala tayi ngakhale Loweruka, ndipo chaka chilichonse chimene ndingatchule ndimachitchula mokweza mawu. Mkazi wanga Hilda amati kukweza mawuko ndiye theka la maphunziro anga.

Mu 1991 tinaika m'manda a Solomon Manda, mnzathu wa kutchalitchi wochokera ku Nkhata Bay. Anasiya ana awiri, Gideon ndi mlongo wake Stella. Amayi awo, a Peggy, anamwalira Stella asanayambe kuyankhula, ndipo ine sindinawaonepo. Pogawa katundu wa malemu, pansi pa sutikesi panapezeka chithunzi chimodzi chakale, cha zija zopanda mitundu. Panali a Solomon ataimirira, a Peggy atakhala pampando, ndi khanda pamiyendo pawo. Khandalo linavala chovala choyera chachitali ndi kachipewa koluka, moti sukanadziwa ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Kumbuyo kunamatirira pepala lakuda la mu alubamu, tsiku osaoneka.

Gideon anati khandalo ndi iye. Stella anatinso ndi iye. Anagwirizana kuti amene ali pachithunzipo ndiye achisunge, ndipo anabwera nacho kwa ine. Gideon anabadwa mu 1967, Stella mu 1973, choncho ntchito yanga inali yongonena kuti chinajambulidwa liti. Stella anachigwira ndi manja awiri pondipatsa. Anati sakumbukira nkhope ya amayi ake ngakhale pang'ono, ndipo akungofuna kudziwa ngati anamunyamulapo chonchi.

Ndinavala magalasi, ndinatsokomola, ndi kuyang'ana kwa nthawi yosakwana yomwera kapu ya tiyi. Diresi la a Peggy linalekezera pamwamba pa mawondo. Basi, ndinaona kuti nkhani yatha. Ndinawafotokozera ngati ndili m'kalasi kuti madiresi aafupi anayamba kuletsedwa kuno mu 1968, ndipo mu 1973 linakhala lamulo lenileni. Mzimayi amene akanayenda chotero mu 1973 kupita kwa wojambula, anyamata achipani akanamubweza asanafike pamsika.

“Ndiye khandali ndi Gideon,” ndinatero. “Palibe chokayikitsa.”

“Yewo chomene, asambizgi,” anatero Gideon m'chiyankhulo cha kumpoto kuno, kutanthauza kuti zikomo kwambiri aphunzitsi, uku akumwetulira. Stella anagwada, anatsanzika bwinobwino, ndi kutuluka. Ndinali nditawauza kuti chithunzicho achisiye kaye, ati ndichionenso, koma zoona zake n'zakuti ndinkafuna kukachionetsa kwa aphunzitsi anzanga kuti aone mmene mutu wanga umagwirira ntchito.

Hilda anandifunsa ngati ndinayang'ana chithunzi kapena miyendo ya malemu yokha. Ndinamuyankha kuti nkhani za akatswiri asamaziloŵerere. Koma mawuwo anandikhala pamtima, ndipo Lolemba ndinabwereka galasi lokuzira zinthu kwa mnzanga wophunzitsa sayansi.

Pa nthawi yopuma ndinachiika chithunzicho pawindo. Ndinayambira pansi, kumene ndinayenera kuyambira poyamba paja. Nsapato za a Peggy zinali zija za zidendene ndi mapazi okhuthala ngati njerwa. Nsapato zimenezo mu 1967 kunalibe. Ndikudziwa bwino, chifukwa ineyo ndinazisirira zitangofika, ndili ku koleji m'zaka za m'ma 1970. Buluku la a Solomon linali lothina m'ntchafu, lotambasuka kumapazi mpaka kuphimba nsapato. Kolala ya shati inali yaikulu ngati makutu a mbuzi, tsitsi lili nyankhalala, ndevu zam'mbali zitatsika mpaka m'masaya. A Solomon omwewo amene tinkawadziwa ndi suti yakuda ndi buku la nyimbo kukhwapa.

Kaimidwe kawonso kanandiuza zomwezo. Pazithunzi za makolo athu mwamuna amaima chilili ngati msilikali, manja m'mbali, nkhope ili gwa. Koma apa a Solomon anapinda mwendo umodzi, dzanja lina m'chiuno, chigongono atatsamira pa kabati, mano onse pamtunda. Kaimidwe kokha sikangakupatse chaka, koma kanagwirizana ndi buluku ndi nsapato.

Kenaka ndinayang'anitsitsa kabatiyo. Inali ndi miyendo inayi yopyapyala, galasi lotukuka kutsogolo, ndi timabatani tiwiri kumbali. Sinali kabati. Inali wailesi yakanema, ija ojambula amaika kuti munthu aoneke wolemera. Ndinatuluka thukuta m'nyengo yozizira ya ku Mzuzu. Kuno kwathu kunalibe wailesi yakanema ngakhale mu 1991 momwemo, ndiye wojambula wa ku Nkhata Bay mu 1967 akanaitenga kuti? Ndipo ndinkadziwa, monga aliyense kutchalitchi ankadziwira, kuti a Solomon anagwirapo ntchito kumigodi ku Kitwe, ndipo Stella anabadwira komweko. Ine ndinatenga lamulo la ku Malawi ndi kukaliveka mzimayi amene anali ku Zambia. Ndinaiwalanso chinthu chimene ndimauza ana asukulu chaka chilichonse, chakuti pofuna chaka uyang'ane chinthu chatsopano kwambiri pachithunzi, chifukwa chovala chakale munthu amatha kuchivalabe, koma sangavale nsapato zimene sizinapangidwe.

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinalingalirapo zongokhala chete, poti Gideon anali wokondwa ndipo Stella si munthu wodandaula. Koma ndinakumbukira mmene anagwadira potsanzika paja. Madzulo ake ndinatsika ku nyumba ya malemu, tayi ndili nayo ndithu, koma mawu nditatsitsa.

Ndinawapeza onse awiri pakhonde. Ndinawaonetsa nsapato, buluku, kolala ndi wailesiyo, chimodzichimodzi. Ndinati chithunzichi n'cha pakati pa 1972 ndi 1975, chinajambulidwa kunja kwa dziko lino, ndipo m'zaka zimenezo khanda m'banjamo linali limodzi lokha. Ndinawonjezera kuti poyamba paja ndinangopereka maganizo oyambirira, ngakhale tonse atatu tinkakumbukira kuti ndinati palibe chokayikitsa.

Stella anatenga galasilo ndi kuliika pa dzanja la amayi ake, pamene linagwira phazi la khanda. Anayang'ana nthawi yaitali, misozi ikugwera pachitenje. Ine ndinayamba kudzimvanso ngati munthu wofunika, mpaka ndinakonza tayi.

Gideon ndiye anandifunsa funso limene sindinalikonzekere.

“Asambizgi, ngati ndi 1973, ine ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Nanga ndili pati apa?”

Ndinayang'ana pachithunzipo ngati kuti mwina ndimupeza kuseri kwa wailesi. Anadziyankha yekha. Anati makolo ake popita ku Kitwe anamusiya kwa azakhali ake ku Nkhata Bay kuti ayambe sukulu, atamulonjeza kuti adzamutenga pa tchuthi. Tchuthicho chinafika kangapo. Amayi ake anabwerako akudwala kale, ndipo sanakhalitse.

Ndinafuna kukonza zinthu, monga mwa chizolowezi changa choipa. Ndinati m'tauni muli wojambula amene amatha kujambulanso chithunzi chakale, ndiye aliyense akhala ndi chake, ndipo ine ndikapita nacho ndekha mawa.

Gideon anachitenga m'manja mwanga, anachipukuta ndi mkono wa shati, ndi kuchipereka kwa mlongo wake.

“Musavutike, asambizgi,” anatero. “Angachijambule kangati, ine mulibemo.”