Muvi Wofiira

Ku fakitale yosoka zovala aliyense ankawatcha a Sizasi, chifukwa anali atadula nsalu pa tebulo lomwelo zaka makumi awiri ndi zitatu. Anali munthu wa liuma, wosabweza mawu ngakhale atawaona okha kuti apotoka. Koma Lachinayi limenelo maganizo awo sanali pa nsalu, moti pofika teni koloko anali atawononga kale mikono iwiri ya malaya.

Nkhani yake inali iyi. Mwana wawo wachisamba, namwino amene ankagwira ntchito kunja, tsiku limenelo ankapita ku opaleshoni yochotsa chotupa m'mutu, ndipo iwo anali asanalankhule naye miyezi inayi. Pa maliro a mayi ake mwanayo anafika mochedwa, atawaika kale m'manda, ndipo a Sizasi anamuuza pamaso pa anthu kuti ana ena anadzibereka okha, amayi awo ndi ndege. Mawu opanda mutu, koma anabaya. Mwanayo tsiku lobwerera anangowamanga wotchi pamkono, n'kuwaonetsa kawerengedwe kake, n'kunyamuka.

Wotchiyo inali ndi mivi iwiri ya masiku onse yonena nthawi ya kuno, wa masekondi, ndiye wachinayi wofiira. Wofiirawo unkazungulira kamodzi kokha pa tsiku, ukuloza manambala a pa mkombero wa kunja, kuyambira wani mpaka twente-folo, ndipo umenewo ndiwo unkanena nthawi ya kwa mwanayo, maola asanu ndi awiri kumbuyo. A Sizasi foni sankaimba, koma muviwo ankauyang'ana kangapo pa ola. Ankadziwa kuti pano akudzuka, pano ali m'basi, pano wafika ku ntchito. Kusuzumira mwana pa windo uli ndi chitseko, ndiye anali iwowo.

Lolemba mkamwini wawo ndiye anaimba. Anafotokoza za chotupacho, n'kunena kuti madokotala akuti odwala ena amadzuka bwino, ena amadzuka osatha kulankhula. Adzamutenga seveni koloko m'mawa, nthawi ya kumeneko, ndipo ngati apongozi akufuna kumva mawu ake aimbe hafu sikisi. Mkamwini atayamba kuwawerengera kuti kwanuko ikhala nthawi yanji, iwo anamudula pakamwa, amvekere wotchi ndili nayo, sindine mwana.

Anawerenga okha. Hafu sikisi pa muvi wofiira inkagwa hafu wani masana. Pa fakitalepo mafoni onse ankatsekeredwa m'malokala kwa mlonda wa pa geti mpaka poweruka, choncho anakapempha kapepala kwa kapitawo koti atenge yawo nthawi imeneyo. Kapitawo analemba, nasaina, ndipo kapepalako kanali m'thumba la shati, katanyowa ndi thukuta. Mawu oti akanene ndiwo ankathawa. Akayamba ndi pepani ankaona ngati achepa, akayamba ndi moni ankaona ngati akuzemba.

Belu la chakudya litalira hafu thwelofu, anakhala pa benchi ya kuseri kwa nyumba yodulira, kontena yawo ili chitsekere pamiyendo. Pafupi nawo panakhala Makaniko, wokonza makina osokera, munthu woti pakamwa sipapuma ngakhale akutafuna. Iyeyu anali ndi mkulu wake mumzinda womwewo wa mwana wa a Sizasi, ndipo ankavala wotchi ya manambala yoonetsa nthawi ziwiri, ya kuno pamwamba, ya kunja m'kawindo ka m'munsi. Anawaseka kuti achimwene, wotchi mukuiyang'ana ngati mphika wa mkaka, itani, isefukira? A Sizasi, chifukwa mtima unali utadzaza, anamuuza zonse, n'kumaliza kuti kwatsala mphindi makumi anayi kuti aimbe, pakuti kumeneko ndi teni tu sikisi.

Makaniko anasiya kutafuna. Anayang'ana dzanja lake, kenako lawo.

“Kumeneko ndi teni tu seveni, achimwene.”

A Sizasi anati wotchi yake ndi ya pamsika, yawo inatcheredwa ndi mwini nthawi, wochokera komweko. Makaniko anafunsa kuti anaitchera liti. Atamva kuti miyezi inayi yapitayo, anagwira kumutu. Anati kumeneko nthawi sikhala malo amodzi: kuzizira kukamatha amakankhira mawotchi onse ola limodzi kutsogolo, kukamabwera amawabweza. Anakankha Lamlungu la sabata yatha, ndipo iye anachita kudina batani pa yakeyo mkulu wake atamukumbutsa. Wotchi siidziwa zimenezo yokha. Anawagwira mkono, n'kupotoza mkombero uja ola limodzi chakumanzere, ndipo muvi wofiira, osasuntha n'komwe, unapezeka ukuloza pafupi ndi seveni.

A Sizasi anayang'anitsitsa muviwo. Hafu sikisi inali itadutsa belu lija likulira, iwo akusamba m'manja. Mwana wawo anali atadikira foni, foni osalira, ndipo akanaganiza chiyani china koposa kuti bambo ake akadali ndi mawu aja?

Anathamanga. Munthu wa zaka sikisite, epuloni ili pamimba, kudutsa pakati pa mabelo a nsalu, atsikana a ku mabatani akudabwa kuti kwapsa kuti. Pa geti mlonda anawerenga kapepala mosafulumira, chala chikuyenda pansi pa mawu, n'kunena kuti apa palembedwa hafu wani, ndipo iye sakufuna kuchotsedwa ntchito chifukwa cha foni ya munthu. A Sizasi, amene sanapembedzepo munthu pa fakitalepo, anagwira dzanja la mlondayo ndi manja awiri.

“Bwana, mwana wanga akumung'amba mutu pa mphindi zisanu. Ndikugwadireni?”

Mlondayo anawayang'ana kumaso, n'kuvula makiyi m'lamba. Kiyi woyamba sanali wake. Wachiwiri anatsegula. Foni inali yozimitsa, ndipo inayaka mwaulesi ngati nayonso ili pa nkhomaliro. Itayaka, panatulukira mafoni atatu ophonya ochokera kwa mkamwini. Anaimba. Inalira, inalira, n'kuduka. Anaimbanso, chala chikuterereka pa galasi.

Mkamwini anayankha motsitsa mawu. Anati amutenga kumene, bedi latuluka m'chipinda pompano, ndipo wakhala akufunsa za iwo kuyambira sikisi koloko. Kenako anati apongozi asadule, ndipo a Sizasi anamva nsapato zikuthamanga pa simenti, mpweya wa munthu, belu la chikepe, mawu a chilankhulo china akukana, mkamwini akuchonderera. Iwo anaima chilili pa geti, dzuwa lili pamutu, akuchita mantha amene sanachitepo ngakhale tsiku lomwalira akazi awo. Mawu onse amene anakonza masiku atatu anali atabalalika.

Panamveka matayala a bedi akuima, kenako kupuma pafupi kwambiri ndi foni.

“Mwanawe, ndine bambo ako. Ndinalakwa ine. Wandimva? Ndinalakwa.”

A Sizasi anakanikiza foni kukhutu. Ankaganiza kuti mwina mankhwala amugwira kale, mwina laini yaduka. Ndiye mawu anabwera, aang'ono, olemera ndi tulo, ngati a kamwana kodzutsidwa kuti kakakodze.

“Ababa, kumeneko ndi masana. Mwadya?”

Anayankha kuti adya, adya bwino kwambiri, asadandaule. Anabwerezanso mokweza kuti adya. Koma amene ankamva tsopano anali mkamwini, amene anawauza kuti chitseko chatsekedwa, ndipo madokotala akuti adikire maola asanu ndi limodzi.