Nkhuku za a Kenani

Kachitatu konse a Kenani anabwera ndi nkhuku zozinga kale. Ankachokera nazo ku Likuni pa njinga, ndipo zikalefuka ndi dzuwa ankangosolola mpeni panjira pomwepo.

Vuto linali lakuti lesitilanti ya mayi Zubeida, kuseri kwa msika wa ku Old Town, inkadalira anthu a kumzikiti, amene sakhudza nkhuku yosachinjidwa mwa Chisilamu. Maulendo onse atatu mayiwo anazibweza, makasitomala n'kudyera nyemba. Ena anali atayamba kale kulowera kwina.

"Muwathamangitse lero lomwe!" anatero mlongo wawo Mikaili, telala wa pakhonde. "Ndiwayalutse ndine msika wonse umve."

"Iwe sokera mabatani," anayankha mayiwo motsitsa mawu.

Mayi Zubeida anali amanyazi, oti kukalipira munthu thukuta linkayamba ndi iwo. Komanso panali pangano losainirana: nkhuku zamoyo Lachinayi lililonse, ndipo wofuna kusiya alembe kalata kudakali masiku makumi atatu. Kungowadula, a Kenani akanatha kukasuma. Nanga munthu amene anawakhulupirira lesitilanti ili ndi mabenchi awiri okha n'kumutaya ngati chisanza?

Anakatayipitsa kalata, ndi kope la kaboni loti asunge. Munalibe liwu loti ulesi kapena chinyengo. Munangolembedwa masiku atatu aja, zimene pangano linkanena, tsiku lomaliza, ndi mawu akuti mwezi wonsewo nkhuku zamoyo adzazilandira monga kale. Pamapeto panali zikomo.

Kalatayo sanatumize munthu. Anakwera basi ya ku Likuni okha, atanyamula mandasi.

A Kenani anaiwerenga atakhala pa chitsa pafupi ndi khola, milomo ikuyenda. Anaiwerenganso.

"Ndiye mwandichotsa ntchito, mayi?"

"Pepanitu bambo. Njinga yanu ndi dzuwa sizigwirizana."

Bamboyo anaphulika nako kuseka mpaka nkhuku zinabalalika. "Mayi ake mwana, tabwerani mudzamve! Andichotsa mwaulemu, ndi mandasi omwe!" Kenaka anapukuta misozi. "Kunena zoona, ulendo wa Lachinayi uja umandilemera. Ndimasowa poyambira kukuuzani."

Anasaina pa kope la mayiwo kuti kalata yalandiridwa, nalemba ndi tsiku lomwe.

Apa m'pamene mayi Zubeida anapeza mawu. "Makhukhi a ku Area 9 amadandaula kusosola. Iwowo amafuna zozinga ndi zososola kale. Alipo khukhi wina, a Bonaventure, amadzamwa tiyi kwathu. Ndikawauza zoona: nkhuku zanu n'zonona, koma zamoyo ayi, musamalonjeze."

"Zoonazo n'zokwana," anatero a Kenani. "Nanga inu mupeza kuti?"

"Kuli mayi wina ku Mchesi, amabwera nazo wapansi. Ayamba mwezi wanu ukatha."

"Mumuuze azizimwetsa madzi asananyamuke. Ine nzeru imeneyo ndimaikumbukira nditafika pa mlatho."

Akazi awo anali atatereka kale tiyi. Basi ya masana inawadutsa mayi Zubeida ali pa mphasa, akuseka kukamwa kuli mandasi.